Unalowa Kodi Mpira Uja?

Ndinayamba kusewera ragibe ndili kale bambo wa mwana mmodzi. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yowotcherera zitsulo ku esiteti ya nzimbe kumpoto kwa boma la Nkhotakota, kumene makolo anga anasamukira kuchokera ku Mulanje ine ndisanabadwe. Masewerawa anabwera ndi bambo wina wokonza mathirakitala amene anatchona ku Zimbabwe. Anabwerako ndi mwendo wotsimphina, Chichewa chosakanikirana ndi Chishona, ndi mpira umodzi wooneka ngati dzira. Tonse tinkangowatchula kuti akochi. Mapolo a pabwalo lathu ndinawotcherera ndine pogwiritsa ntchito mapaipi akale othirira nzimbe, awiri oimirira ndi limodzi lopingasa, mbali iyi ndi mbali inayo.

Pa anthu amene tinasonkhana masiku oyambawo panali mnyamata wina wa msinkhu wanga wochokera ku Liwaladzi. Kwawo anali asodzi, Asilamu, koma iye nyanja inkamuchititsa nseru, choncho ankayendetsa thirakitala yonyamula nzimbe. Anali wowonda ngati bango ndipo liwiro lake linali loopsa. Tisanayambe kuyeserera ankapatuka kaye kuseri kwa mtengo wa mango kukaswali, ife n'kumamudikira tikuponyerana mpira. Ameneyu ndiye anadzakhala mnzanga weniweni.

Tsiku loyamba limene anagwira mpira, anatidutsa tonse, n'kuwoloka mzere wa kumapeto kwa bwalo, kenaka anauponya m'mwamba akuvina. Akochi anamuyang'ana osaseka.

"Wapeza chiyani pamenepo?"

"Chigoli, akochi."

"Wapeza mphepo. Kuwoloka mzere si kanthu. Mpira ukhudze pansi uli m'manja mwako, kapena uutsindire pansi ndi manja ngakhale chifuwa. Imeneyo ndiye thirayi, mapointi asanu. Ukautaya, kapena adani akalowetsa manja kunsi kuti usakhudze udzu, wathamanga pachabe."

Anatikhazika pansi n'kutola kamtengo. Anati timu ikagoletsa thirayi imapatsidwa mwayi womenyera mpira kumapolo, konveshoni, ndipo ukadutsa pakati pa mapolo pamwamba pa chitsulo chopingasacho, mwawonjezera mapointi awiri. Kenaka anajambula mzere pafumbi kuchokera pamene pagwera thirayi kubwerera m'bwalo.

"Womenya akhoza kubwerera m'mbuyo mmene angafunire, koma sachoka pamzere uwu. Iwe wothamangawe, ukauika pakona, mnzako akamenyera kumphepete kwenikweni kwa bwalo, mapolo akuwaona chammbali, kampata kake kochepa. Ukauika pansi pa mapolo, ngakhale mlamu wako wolumala akhoza kulowetsa. Ukakhala ndi mpata, umuganizire womenya."

Womenyayo ndinadzakhala ine, chifukwa ndinakulira mpira wamiyendo. Ndinkaunjika kamulu ka mchenga, kuimikapo mpira, kubwerera m'mbuyo n'kumenya. Adani akalakwa, mwina kugwira munthu pakhosi kapena kuima kutsogolo kwa mzere wawo, oimbira ankapereka penate, ndipo kaputeni akaloza kumapolo ndinkamenya, ukalowa mapointi atatu. Ndinaphunziranso diropu: masewera ali mkati umagwetsa mpira dala kutsogolo kwa phazi, n'kuumenya pamene wangodumpha kuchoka pansi. Ukaumenya usanakhudze pansi, ngakhale udutse pakati penipeni pa mapolo, palibe chako. Ukachita bwino, atatunso. Zonsezi ndinkazitha, kupatula chinthu chimodzi. Ine ndine wa phazi lamanja, ndipo mpira wa kumphepete ya kumanja unkandivuta kwambiri. Mnzanga uja ankasewera kumphepete komweko, choncho mathirayi ake ambiri ankagwera kumene ine sindinkakufuna.

Ankandiseka nazo. "Ine ndikuphera nsomba, iwe ukukanika ndi kuthira mchere womwe," ankatero tikubwerera panjinga.

Chaka chachitatu tinalandira timu yochokera ku Lilongwe. Unali mwezi wa Ogasiti, mwera ukuwomba kuchokera kunyanja, phulusa la nzimbe zowotchedwa likugwa pang'onopang'ono pamapewa a anthu. Bwalo linali louma gwa. Kunabwera anthu ambiri kuposa mmene tinkayembekezera, odula nzimbe, amayi ogulitsa mandasi, ngakhale abale ake a mnzanga ochokera ku Liwaladzi. Mkazi wake sanabwere chifukwa anali ndi mwana wakhanda. Oimbira anali mphunzitsi wa kusekondale ina, munthu wamfupi wosakonda zolankhulalankhula.

Alendowo anali akuluakulu matupi ndipo masewerawa ankawadziwa. Sipanapite nthawi anagoletsa thirayi pafupi ndi mapolo, konveshoni n'kulowa, 7 kwa 0. Ife tinapeza penate, ndinailowetsa. Iwonso anapeza yawo, 10 kwa 3. Tili pafupi kupita kokapuma, anyamata athu akutsogolo anakankha mpaka kufika chapafupi ndi mapolo koma khoma la alendo silinkaboka. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono, ndinakuwa kuti andipatse, ndinaugwetsa n'kuumenya. Unapita mopepesa, ukugwedera, koma unadutsa. Anthu ambiri kunja sanamvetse chimene chachitika mpaka ataona mkono wa oimbira uli m'mwamba. Tinakapuma zili 10 kwa 6.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, mnzanga analandira mpira pakati pa bwalo n'kuyamba ulendo. Adani anamuthamangitsa mpaka anamupanikizira kumzere, ndipo iye anadziponya pakona penipeni ya kumanja. Tinatsogola, 11 kwa 10. Ndinanyamula mpira kupita kumphepete, mapazi anga ali pafupi kuponda mzere wakunja, ana akundipumira kumsana. Ndinamenya bwino ndithu, koma mwera unaunyamula n'kuudutsitsa kunja kwa polo. Pobwerera pakati mnzanga anandimenya paphewa.

"Usadandaule, aise. Ulendo winawu ndikubweretsera pakhomo."

Tinagwira chitsogozo chimenecho nthawi yaitali, mpaka alendo anatiboola pakati, thirayi ndi konveshoni yake, 17 kwa 11. Tinatsalira ndi mapointi sikisi. Aliyense m'timu ankadziwa tanthauzo lake: thirayi yokha sikanatikwanira, ikanatisiya kumbuyo ndi pointi imodzi. Pankafunika thirayi ndi konveshoni.

Kumapeto kwenikweni mmodzi wa alendo anagonera mpira osafuna kuusiya, ndipo oimbira anatipatsa penate kutsogolo kwa mapolo. Kaputeni wathu, Mtonga wa ku Dwambazi wonyamula matumba a shuga, anafunsa za nthawi.

"Yatha," anatero oimbira. "Mpira ukangofa, ndimaliza."

Kumenya kumapolo kukanatipatsa atatu n'kugonja 17 kwa 14. Panalibe choganizira. Kaputeni anaugunda pang'ono ndi phazi, anaunyamula n'kulowa nawo m'gulu la adani. Anagwa, ena anautola, anagwanso. Alendo onse anakokedwera pakati. Mpira utafika kwa ine ndinaona mnzanga ali yekha kumanja akutambasula manja, ndipo ndinauponya wautali kudumphitsa anthu awiri. Anaugwira, anamuzemba amene anali patsogolo pake, n'kuwoloka mzere pakona pomwe paja.

Bwalo lonse linakuwa. Akochi ankathamanga motsimphina m'mbali mwa mzere akufuula kuti, "Ika pansi! Ika pansi!"

Sanauike. Anatembenuza mutu n'kundiyang'ana, ndipo ndikhulupirira kuti ankaseka. Kenaka anakhotera mkati, akuthamanga kuseri kwa mzere kulunjika kumapolo, mpira uli m'khwapa. Malamulo amalola zimenezo, komanso amalola adani kumugwira munthu kumeneko malinga ngati mpira sunakhudze pansi. Mmodzi anamugwira m'miyendo kuchokera kumbuyo. Wina ankabwera mothamanga kuchokera mbali inayo kuti alowetse manja kunsi kwa mpira. Palibe amene analakwa. Pakugwa, mutu wa mnzanga unakumana ndi bondo la wachiwiriyo, kenaka unamenya pansi. Phokoso lake ndinalimva ndili patali, ngati munthu waswa chipande.

Oimbira anafika n'kugwada. Anasuzumira kunsi kwa thupi lake ndipo anaona mpira uli pansi pa chifuwa, utatsamira paudzu, popanda dzanja la mdani pansi pake. Anaimirira, anakweza mkono n'kuliza wezulo. Anthu anayamba kulumpha. Nthawi yomweyo analizanso wezulo kangapo motsatizana akukodola anthu a chithandizo, chifukwa wogoletsayo sankadzuka.

Ndinafika pamene anagona. Maso anali otsegula pang'ono koma sankaona kanthu, ndipo ankapuma mokoka ngati munthu woliza mkonono. Phulusa linkagwera patsaya lake. Namwino amene anali pabwalopo anatiletsa kumugwedeza. Anamugoneka pathabwa, wina atamugwira mutu, n'kumukweza m'galimoto. Akochi ndi abale ake anakwera nawo. Mnyamata wa bondo uja anakhala pansi n'kubisa nkhope m'jezi.

Galimoto itachoka, oimbira anatiitana ine ndi kaputeni. Anali ataika chipewa chawo pamalo pamene panagwera mpira, mapazi ochepa chabe kuchokera papolo ya kumanja.

"Thirayi ndapereka. Zili 17 kwa 16. Konveshoni ilipo ngati mukuifuna. Mulinso ndi ufulu woikana, ndimalize pomwepa."

Ine ndinati tiyeni tizipita kuchipatala. Kaputeni anandigwira mkono mwamphamvu, maso ali ofiira.

"Wathamangiranji mkati munthu uja? Wathamangira iwe. Menya."

Ndinaunjika mchenga. Pa konveshoni adani amaima kuseri kwa mzere wawo, ndipo womenya akangoyamba kuyandikira mpira amaloledwa kumuthamangira kuti autchinge. Alendo aja sanasunthe ngakhale mmodzi. Anangoima manja ali m'chiuno, ena akuyang'ana kumsewu kumene fumbi la galimoto linali lisanathe. Mpira wa pamenepo unali wosavuta. Ndinaumenya, unadutsa pakati, mbendera ziwiri za othandiza oimbira zinakwera. 18 kwa 17. Anthu a tsidya lina la bwalo, amene ankaganiza kuti mnzathu wangokomoka pang'ono, analowa m'bwalo ndi nthungululu. Ena anandinyamula. Ndinkawauza kuti anditsitse koma mawu anga sankamveka.

Kuchipatala cha kwathu sanamusunge, anamutumiza ku Lilongwe tsiku lomwelo. Loweruka lotsatira ine ndi kaputeni tinapita kukamuona. Anali asanatsitsimuke. Tinakhala pakhonde la chipatala, ndipo kaputeni anati, "Ndikanangoloza kumapolo. Ukanamenya atatu ako, tikanagonja, aliyense akanapita kwawo ndi miyendo yake." Ndinamuuza kuti palibe kaputeni padziko amene akanachita zimenezo. Anavomera ndi mutu, koma sanadzavalenso jezi.

Mnzanga anatsitsimuka patapita milungu. Anabwerera ku Liwaladzi akukoka mwendo wamanzere, dzanja lamanzere litapindikira pachifuwa, akulankhula mochedwa ngati lilime lamulemera. Za kale ankazikumbukira bwino, mayina a ngalawa za bambo ake, ma sura amene anaphunzira ku madarasa ali mwana. Koma chilichonse chochitika pambuyo pa tsiku lija sichinkakhala m'mutu mwake. Ukamuuza kanthu m'mawa, pofika masana chapita.

Ulendo woyamba kukamuona kwawo ndinamupeza atakhala pamkeka pakhonde. Atandiona nkhope yake inawala.

"Aise! Unalowa kodi mpira uja?"

Ndinayang'ana mkazi wake, amene anaima pakhomo ndi mwana kumsana. Iye anangoyang'ana pansi.

"Unalowa," ndinatero.

Anayamba kuwerenga ndi zala za dzanja labwinolo. "Tinatsalira ndi sikisi. Yanga faifi. Yako thuu." Anaima kaye, milomo ikuyenda. "Ndiye kuti tawina ndi imodzi!"

"Tinawina ndi imodzi."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndinakuuza kuti ndikubweretsera pakhomo. Alhamdulillah." Tinacheza zina, tinamwa tiyi. Ndinapita kuseri kukasamba m'manja, ndipo pobwera anandiyang'ana ngati ndangofika kumene.

"Aise! Unalowa kodi mpira uja?"

Zinakhala choncho kwa zaka. Ndinkapita mwezi uliwonse ndikapeza mpata, kutsika minibasi pamsewu waukulu n'kuyenda wapansi kudutsa m'minda ya chinangwa. Funso linali lomwelo, kuwerenga komweko, chimwemwe chomwecho, chatsopano nthawi zonse. Poyamba ndinkabwerako ndikulira m'njira. Kenaka ndinazolowera, ndipo nthawi zina ndinkakometsera nkhaniyo, kumuuza mmene mbendera zinakwerera ndi mmene anthu analowera m'bwalo. Koma panali masiku ena pamene ndinkafika pamsewu wa kwawo, n'kuima, n'kukwera minibasi yobwerera osamuona.

Timu yathu sinakhalitse. Tinasewerako chaka china chimodzi, koma akazi athu sankafunanso kumva za ragibe, ndipo akochi atapuma pantchito anapita kwawo ku Ntcheu. M'chaka chomalizacho ndinkamenyabe mapenate, koma mnzathu aliyense akawoloka mzere ndinkapezeka ndikukuwa kuti aike pansi pomwepo, ngakhale patakhala popanda mdani pafupi.

Mkazi wa mnzanga ndiye ananyamula banja. Ankagula usipa kwa asodzi, kuuyanika pathandala n'kukagulitsa ku boma. Sanandinenepo mawu oipa, komanso kwa nthawi yaitali sanandifunse kanthu za tsiku lija. Tsiku lina mwamuna wake atagona tulo ta masana, ndinapita kukamutsanzika kuthandala. Anali akutembenuza usipa, ndipo analankhula osandiyang'ana.

"Alamu, mundiuze. Ine masewera anuwa sindiwadziwa. Abale awo amati anali atafika kale pamene ankapita. Nanga ankathamangiranso chiyani?"

Ndinatola kamtengo n'kujambula pamchenga, mapolo, mzere, kona. Ndinamufotokozera kuti mapointi asanu anali atawapeza kale akanangouika pansi, koma ankafunika awiri enawo, ndipo awiriwo amamenyedwa molunjika pamene mpira waikidwa. Anayang'ana chojambulacho nthawi yaitali.

"Ndiye akanauika apa," analoza pakona ndi chala chakuphazi, "inu mukanaulowetsa?"

"Sindikudziwa, alamu. Woyamba wa pamenepo ndinaphonya. Mphepo inali yambiri."

"Koma mwina mukanaulowetsa."

"Mwina."

Anagwedeza mutu n'kubwerera ku usipa wake. "Iwo akakufunsani amasangalala," anatero. "Mukachoka amakhala akufunafuna nsapato zawo za mpira, amati anzawo akuwadikira kubwalo. Ndinazibisa kwa mayi anga. Komabe muzibwera. Palibenso wina amene amawaseketsa chonchija."

Zaka zikupita thupi lake linayamba kufooka. Ankagwa khunyu kawirikawiri, ndipo mawu ake anachepa. Mwana amene anali kumsana uja anali atayamba sekondale pamene ndinapita ulendo womaliza. Inali nthawi ya dzinja, njira yonse matope, mpunga m'madambo utabiriwira. Ndinamupeza m'nyumba, atamukhazika pampando pafupi ndi zenera, atavala kanzu yoyera ndi kofia. Ndinapereka moni, anayankha. Ndinakhala pansi n'kudikira funso lija.

Silinabwere. Anayang'ana mvula panja. Mkazi wake anabweretsa tiyi ndi chinangwa chophika, tinadya. Ndinayesa kukamba za thirakitala yake yakale, za akochi, za kaputeni amene tsopano amalima mpunga kwawo. Ankangomvetsera mwaulemu. Kwa zaka zonsezo funso limenelo ndinkaliopa, koma tsiku limenelo ndinakhala ndikulidikira mpaka mvula inakata. Potsiriza ndinasendera pafupi n'kumugwira dzanja.

"Aise, mpira uja unalowa. Tinawina ndi imodzi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mokoma mtima, mmene ankayang'anira alendo obwera kwa bambo ake.

"Zikomo kwambiri, bambo," anatero. "Mwachokera kutali?"

Chiyambire kudziwana kwathu anali asananditchulepo kuti inu. Ndinamuuza kuti ndachokera ku esiteti. Anati kumeneko ndi kutali ndithu, ndipo anauza mkazi wake kuti andipatse ambulera.

Anamwalira mvula isanathe chaka chomwecho. Uthenga unandipeza masana ndili kuntchito, ndipo monga mwa mwambo wa Chisilamu anamuika tsiku lomwelo. Pamene ndinkafika ku Liwaladzi, amuna anali akubwerera kale kuchokera kumanda, jeneza yonyamulira maliro ili pamapewa yopanda kanthu. Mchimwene wake wamkulu anapatuka pagulu n'kubwerera nane kukandionetsa. Unali mtumbira wa dothi lofiira lonyowa, kumapeto kwa mzere, pafupi ndi munda wa chinangwa. Iye anatambasula manja kuchita dua, ine ndinavula chipewa. Titamaliza anandifunsa ngati ndidya kaye mpunga ndisanapite, ndipo tinayenda limodzi kubwerera kumudzi.